Chubu chopumira chandisiyira ululu pakhosi: uyenera kutha liti?

"Adokotala, ndine mayi wa zaka 38, ndimakhala ku Rosettenville ku Joni ndipo ndimagwira ntchito yolera ana. Lolemba anandichita opaleshoni yochotsa ndulu. Lero ndi Lachinayi. Mabala a pamimba sakundivuta kwenikweni, koma pakhosi ndiye ayi. Ndikameza malovu zikukhala ngati ndikumeza minga, mawu asasa, ndipo ndikumva ngati pali kanthu kakakamira. Anamwino anangoti ndi chubu, koma ine chubucho sindinachione. Kodi sanandivulaze, kapena kusiyamo kanthu? Zitha liti? Mnzanga wandipatsa amokisilini ndi Girandipa, kodi ndimwe?"

Pepani mayi, ndipo mtima ukhale m'malo. Chubucho simukanachiona, chifukwa timachilowetsa mutagona kale ndipo timachichotsa musanatsitsimuke bwinobwino. Ine ntchito yanga ndi imeneyo, yogoneka anthu kufiyeta, ndipo m'zaka zonse ndakhala ndikuigwira kuno ku Joni dandaulo lanuli ndi limene ndimalimva kawirikawiri m'mawa ndikamayendera odwala kuwodi. Ofufuza amasiyana powerenga, ena amapeza anthu 2 mwa 10 alionse, ena mpaka 5 kapena 6, koma onse amagwirizana kuti ndi chinthu chofala, ndipo azimayi ndi amene chimawagwira kwambiri kuposa azibambo. Kuti pakhosi pakupweteka kuposa bala sizodabwitsanso. Opaleshoni ya ndulu masiku ano amaboola timabowo ting'onoting'ono pamimba, ndipo timabowo timeneto mumatisiya tipume mukakhala phee. Khosi silipuma. Mumameza malovu usana ndi usiku osadziwa n'komwe, ndiye nthawi iliyonse mukameza mukukhudza pabala.

Ndikuuzeni kaye zimene zinachitika muli m'tulo, chifukwa mukazidziwa, mantha a kanthu kotsalira aja achepa. Pa opaleshoni ngati yanu, mimba amaipopa mpweya kuti adokotala aone bwino m'kati, ndipo ife timakupatsani mankhwala ofooketsa minofu yonse, kuphatikizapo minofu yopumira. Zikatero simungapume nokha, makina ndi amene amakupumirani. Njira yake ndi chubu chapulasitiki chimene chimalowera m'kamwa, kudutsa pakati pa timinofu tiwiri totulutsa mawu, n'kukafika m'kholingo. Kwa mayi wamkulu timasankha chubu cha bowo la mamilimita 7 kapena 7.5, ndiye kunja kwake chimakhala ngati chala chanu chaching'ono, ndipo chimalowa pafupifupi masentimita 21 kuyambira pa mano. Kuti tione polowetsa, timagwiritsa chitsulo chopindika chokhala ndi getsi kunsonga, chotchedwa laringosikopu, chimene chimanyamula lilime ndi kukanikiza pansi pake. Chakumapeto kwa chubu kuli kabaluni. Chubu chikakhazikika timapopa kabaluniko kuti katseke mpata, mpweya usathawe komanso zam'mimba zisatsikire m'mapapo. Pa ndulu nthawi zambiri timalowetsanso kachubu kena kakang'ono kummero kochotsera mpweya m'chifu, ndipo pomaliza timayamwa malovu ndi kapaipi kolimba. Onjezani kuti munali mutakhala maola 6 kapena kuposerapo osadya, m'kamwa muli gwaa.

Werengani tsopano zinthu zimene zadutsa pa khungu lofewa ngati la m'kati mwa tsaya: chitsulo, chubu, kabaluni kokanikiza kwa ola limodzi kapena awiri, kachubu kachiwiri, ndi kapaipi koyamwira. Ndiye podzuka munthu amatsokomola chubu chidakali m'kati, timinofu ta mawu tija n'kumakhuzika pa pulasitiki. Chimene chatsala m'khosi mwanu ndi kunyuka ndi kutupa pang'ono. Kanthu kokakamira kamene mukukamvako ndi kutupa kumeneko. Khosi lili ndi mitsempha yomva kwambiri, moti kutupa kochepa ngati njere ya mpunga limakuona ngati fupa la chambo. Chubu chimatuluka chathunthu, timachiona ndi maso tisanachitaye, ndipo nsalu iliyonse imene yaikidwa m'kamwa pa maopaleshoni ena imalembedwa n'kuwerengedwa potuluka. Pa ndulu nsalu yotero sitiika n'komwe.

Za kabaluni kaja ndili ndi mlandu wanga umene ndiulule. Ndikuphunzira ntchito tinkapopa mongoyerekeza, kenaka n'kufinya ndi zala kabaluni kakang'ono kakunja kuti timve ngati kalimba. Tsiku lina mkulu wina amene ankandiphunzitsa anabwera ndi kachipangizo koyezera n'kulumikiza pa chubu chimene ine ndinali nditati chili bwino. Muvi unakwera kudutsa 50. Mulingo woyenera ndi pakati pa 20 ndi 30 pa sikelo ya masentimita a madzi, chifukwa kupitirira 30 magazi amayamba kuvutika kuyenda m'khungu la kholingo. Sanandikalipire, anangondionetsa muviwo n'kutuluka. Kuyambira tsiku limenelo zala zanga sindizikhulupirira. Ndanena izi kuti mudziwe kuti ululuwu si tsoka chabe ayi, mbali ina umadalira manja a wogoneka, kukula kwa chubu, kutalika kwa opaleshoni, ndi kangati anayesa chubu chisanalowe. Koma ngakhale zonse zitachitika mwaluso, anthu ena amadzukabe ndi khosi lopweteka.

Tsopano za nthawi. Ululu umenewu umafika pachimake pa tsiku loyamba, makamaka madzulo a tsiku la opaleshoni ndi m'mawa mwake, pamene mankhwala amphamvu a kufiyeta atha m'thupi. Kwa anthu ambiri pofika tsiku lachiwiri kapena lachitatu umakhala utachepa kwambiri kapena watheratu. Ena ochepa umawatengera mpaka sabata. Mawu amatsalira m'mbuyo pang'ono, koma nawonso nthawi zambiri amabwerera m'masiku ochepa omwewo.

Inu munachitidwa Lolemba, ndiye Lachinayi ndi tsiku lachitatu. Muli pamalire penipeni pamene ndikufuna kuti muleke kudzifunsa kuti "kodi pakupwetekabe?" n'kuyamba kudzifunsa kuti "kodi lero pali bwanji poyerekeza ndi Lachiwiri?" Funso lachiwirili ndi limene ine ndimadalira kuposa kukula kwa ululu. Khosi lonyuka ndi chubu limayenda njira imodzi yokha, yochira. Likhoza kuchira mwaulesi, koma silibwerera m'mbuyo. Ngati Lachiwiri munkalephera ngakhale tiyi, Lachitatu munamwa phala, ndipo lero mwadya nthochi kapena nsima yofewa, muli panjira yabwino ngakhale mukumvabe minga. Ndikuyembekeza kuti pofika Loweruka kapena Lamulungu mudzidzimuka kuti mwadya osaganizira za khosi. Likafika Lolemba likudzali, sabata yathunthu, ululu udakali pomwe unali, pitani mukaonedwe. Mawu ndimawapatsa malire a masabata 2. Akadutsa pamenepo adakali osasa, safunanso uchi ndi ndimu, akufuna maso a dokotala wa makutu, mphuno ndi khosi.

Poyerekeza masikuwo musapusitsidwe ndi m'mawa. M'mawa uliwonse pamapweteka kwambiri chifukwa usiku simumwa kanthu ndipo mwina mumapumira m'kamwa. Mzinda uno uli pamtunda wa mamita oposa 1,700 kuchokera pa nyanja yamchere, mpweya wake ndi wouma, makamaka m'miyezi yozizira kuyambira Juni mpaka Ogasiti pamene milomo imachita kung'ambika. Wina akayatsa hita ya palafini kapena mbaula m'chipinda chotseka mawindo, khosi limadzuka ngati chikopa choyanika. Choncho yerekezani masana ndi masana, mutamwa kale madzi, osati m'mawa wa lero ndi madzulo a dzulo.

Za mankhwala a mnzanu aja, amokisilini mubwezereni. Ululu wanu sunabwere ndi tizilombo, wabwera ndi kukhuzika, ndipo mankhwala opha tizilombo sapoletsa kunyuka. Chimene angakuchiteni ndi kukutsegulani m'mimba pa nthawi imene mimba yanu ikuzolowera kukhala yopanda ndulu, kapena kukubweretserani zoyera m'kamwa zimene zidzawonjezera ululu womwewo. Palinso china choopsa kuposa apa. Ngati bala la m'mimba litayamba kuvuta, makapisozi omwa mwa apo ndi apo amabisa zizindikiro, adokotala n'kuzindikira mochedwa.

Girandipa ndiye ndimukane kawiri. Mu ufa umenewu muli aspirini, parasetamo ndi kafini. Aspirini amachedwetsa magazi kuundana ndipo amakanda chifu, zomwe sitifuna masiku atatu chichitikireni opaleshoni. Chachiwiri, ndikukhulupirira kuti potuluka m'chipatala anakupatsani panado kapena mapiritsi ena ophatikiza amene muli kale parasetamo. Mukaonjezera ufa uja mukuunjika mankhwala amodzimodzi pa chiwindi osadziwa. Ndimaziona kwambiri kwa abale athu kuno: panado wa kuchipatala, ufa wa kusipaza, ndi mankhwala a chimfine a madzi otentha aja, zonse tsiku limodzi, munthu n'kumaganiza kuti wamwa mitundu itatu yosiyana. Amene adokotala anawalembera aspirini wa tsiku ndi tsiku chifukwa cha mtima, imeneyo ndi nkhani ina, atsate zimene anauzidwa kuchipatala.

Chimene mungamwe ndi panado yemweyo, koma momwa mwadongosolo. Munthu wamkulu amamwa mapiritsi 2 a mamiligalamu 500 pa maola 6 alionse, osapitirira mapiritsi 8 pa tsiku, kuwerengera pamodzi ndi parasetamo wa m'mankhwala ena onse. Ngati thupi lanu silikwana makilogalamu 50, kapena muli ndi vuto la chiwindi, mulingo umenewu ngwaukulu, funsani kufamase akuchepetsereni. Mumwe patatsala theka la ola kuti mudye, kuti chakudya chipeze ululu utagona. Bulufeni amathandiza kutupa, koma mumwe pokhapokha ngati ali pa pepala lanu lotulukira. Wa zilonda zam'mimba, wa impso, ndi womwa mankhwala osungunula magazi asamuyandikire.

Pakhosi penipenipo, sungunulani theka la supuni yaing'ono ya mchere m'kapu ya madzi ofunda, muchukuche kukhosi mutakweza mutu, n'kulavula. Chitani katatu kapena kanayi pa tsiku. Kufamase kuli mankhwala ochukucha kapena opopera okhala ndi benzidamini, amene amachititsa dzanzi pang'ono ndi kuchepetsa kutupa, ndipo safuna kalata ya dokotala. Ngati ndalama yavuta musadandaule nawo, mchere ndi uchi zikukwanirani. Maswiti a pakhosi amathandiza makamaka chifukwa amatulutsa malovu. Imwani madzi pang'onopang'ono tsiku lonse, ofunda kapena ozizira, amene khosi lanu lawalandira. Tiyi wa uchi ndi wabwino, koma ndimu ndi jinja musachulutse. Ndikudziwa kuti kwathu khosi likangovuta timathamangira zimenezi, koma apa pali khungu losupuka, ndipo ndimu wambiri pa bala ndi ululu wongodzipatsa. Tsabola, acha, tchipisi touma ndi buledi wokazinga zidikire. Phala, mahewu, nthochi, mbatata yophika ndi nsima yofewa ya ndiwo zamsuzi zopanda mafuta ambiri ndiye zanu sabata ino, zomwe zikugwirizananso ndi mimba imene yangochotsedwa ndulu. Kufukiza nthunzi mutafunda bulangeti sindikulimbikitsa panopa. Munthu amene wangochoka kufiyeta sachedwa kuchita chizungulire, ndipo ndaonapo mabala a madzi otentha oipa kuposa vuto limene ankachiza.

Mawu anu ndi chida chanu cha ntchito, ndiye mvetserani apa. Musanong'one. Anthu ambiri amaganiza kuti kunong'ona ndi kupumitsa mawu, koma kumaumitsa ndi kukoka timinofu tija kuposa kulankhula motsitsa. Lankhulani pang'ono, ndi mawu anu enieni, mofatsa. Kukhosomola kochotsa kanthu kaja, "ehem, ehem", kulekeni, chifukwa nthawi iliyonse mukatero timinofu totupa timawombana, kutupa n'kupitirira, inu n'kumvanso kanthu, n'kukhosomolanso. Mukamva kufuna kutero, mezani madzi pang'ono. Mukabwerera kuntchito mwana akathawira kugeti, muombereni m'manja, osakuwa. Fodya ndi utsi wa ena zitalikireni, ndipo ngati mumavutika ndi chilungulira musagone mutangodya, chifukwa asidi wokwera usiku amapsereza pamene pakuchira.

Tengani foni muyatse tochi, muime pagalasi, muyasamule. Kumapeto kwa m'kamwa kuli kanyama kolendewera pakati. Nthawi zina kanyama kameneka kamapanikizika ndi chubu kapena kukokedwa ndi kapaipi koyamwira, ndipo kamatupa, kutalika, nsonga yake n'kuyera ngati yapakidwa ufa. Mnyamata wina wa kwathu anabwera kwa ine akunjenjemera, atajambula kanyamako pafoni, akuti khosi lake layamba kuwola. Ankamva ngati chingwe chikumukhudza lilime akameza. Zimaoneka zoopsa ndipo zimapweteka kuposa khosi wamba, koma kansonga koyerako kamafota n'kuchoka kokha, ndipo pofika masabata awiri pamakhala patapola. Mukakaona kotero kaonetseni kuchipatala kuti atsimikize, koma musataye tulo. Zikakhala zoyera zambiri zomwazika pa lilime ndi m'masaya ngati mkaka wogona, umenewo ndi fangasi, amene amakonda anthu a shuga, amene amwa mankhwala opha tizilombo, ndi amene chitetezo chawo chatsika monga ndi kachilombo ka HIV. Ali ndi mankhwala akeake ndipo mchere sumuchotsa.

Pali zizindikiro zina zimene sizidikira sabata, ndipo izi muwawerengerenso amene mukukhala nawo. Kupuma kukayamba kuvuta, kapena mukamva kaphokoso kolira ngati wezulo pokoka mpweya, imeneyo ndi ngozi ya nthawi yomweyo, chifukwa ndiye kuti njira ya mpweya yachepa. Chimodzimodzi mukalephera kumeza ngakhale malovu anu omwe mpaka dovu kumatuluka, kapena mukalavula magazi enieni. Timizere tamagazi m'makhololo tsiku loyamba timachitika, koma magazi odzaza supuni ayi. China chimene chimachitika mwa kamodzikamodzi koma chimapha chikachedwa ndi kubooka kwa mmero. Chizindikiro chake ndi ululu umene ukukula m'malo mochepa, wolowera m'khosi mozama, pachifuwa kapena kumsana pakati pa mapewa, thupi kutentha kufika madigiri 38 kapena kuposa, ndi khosi kutupa kunja. Mukakanikiza khungu la pakhosi kapena pamwamba pa chifuwa n'kumva kuti likuthetheka pansi pa zala ngati pepala la pulasitiki, ndiye kuti mpweya walowa pansi pa khungu. Musadyenso kapena kumwa kanthu, nyamukani. Kutentha thupi pamodzi ndi chifuwa cha makhololo achikasu ndi kubanika kumaloza ku mapapo, nakonso n'kwa tsiku lomwelo.

Kuno ku South Africa, pa foni ya m'manja imbani 112, kapena 10177 ya ambulansi. Ngati galimoto ilipo pafupi musadikire, pitani ku chipatala chimene chinakuchitani opaleshoni kapena chilichonse chapafupi chokhala ndi mbali ya ngozi. Ndikudziwa chimene chimagwira miyendo abale athu ambiri, nkhani ya mapepala. Malamulo aakulu a dziko lino, gawo 27, amanena kuti munthu aliyense asakanizidwe chithandizo chamwadzidzidzi, ndipo kubanika ndi chinthu chamwadzidzidzi. Nyamulani khadi lanu la kuchipatala ndi pepala lotulukira, ndipo mawu oyamba pofika akhale akuti munachitidwa opaleshoni Lolemba ndipo munaikidwa chubu chopumira.

Mawu nawo ali ndi mtundu wina umene sindifuna kuti mudikire nawo masabata awiri aja. Kusasa wamba ndi mawu okhakhala ngati a munthu amene anakuwa kumpira dzulo, ndipo amasintha tsiku ndi tsiku. Koma mawu akakhala a mpweya wokhawokha, osatha kukwera, mpweya kukutherani pakati pa chiganizo, chifuwa chanu kukhala chopanda mphamvu, ndiponso mukamamwa madzi n'kumatsamwa, ndiye kuti timinofu tiwiri tija sitikukumana. Mwina kamodzi kafooka chifukwa mtsempha wake unapanikizika ndi kabaluni, kapena kachichereche kakang'ono kamene kamakayendetsa kaguluka pamalo pake. Kuguluka kumeneku n'kosowa, koma kumabwezeretseka bwino kukapezeka msanga, m'masabata oyambirira, kasanaumire pamalo polakwika. Munthu wotero apite sabata yomweyo akapemphe kalata yopita kwa dokotala wa khosi. Zipatala zikuluzikulu monga Charlotte Maxeke ku Parktown ndi Chris Hani Baragwanath ku Soweto zili ndi madokotala amenewa, koma amafuna kalata yochokera kukiliniki kapena kwa amene anakuchitani opaleshoni. Kuyezako sikoopsa. Amapopera mankhwala a dzanzi m'mphuno, n'kulowetsa kachingwe kofewa ka kamera, n'kukuuzani kuti munene "iii". Mphindi zochepa zatha, ndipo mumakhala muli maso.

Zonse ndanenazi ndi za chubu cha ola limodzi kapena awiri. Chubu cha masiku ambiri, cha m'chipinda cha odwala mwakayakaya, ndi nyama ina, ndipo ndikufuna ndiikepo mawu chifukwa alipo owerenga amene m'bale wawo anadutsa kumeneko. Bambo wina wosoka zovala, wa kuchigawo cha kummwera kwathu, anagundidwa ndi galimoto n'kukhala pa makina masiku oposa 10. Anachira, anatuluka, khosi linapola, anabwerera pa makina ake osokera. Patatha mwezi ndi theka anayamba kubanika pokwera masitepe a pafulati. Kukiliniki ina anamuuza kuti ndi mphumu n'kumupatsa mankhwala opopera. Anapopera mabotolo awiri osasintha. Mkazi wake ndi amene anati usiku bamboyu akupuma ngati mluzu. Nditamumvetsera, phokoso silinali m'mapapo, linali pakhosi, ndipo linkamveka pokoka mpweya pamene la mphumu limamveka kwambiri potulutsa. Pamalo pamene panakhala kabaluni panali patamera chipsera chozungulira, kholingo n'kutsala kabowo kochepa. Anathandizidwa, koma anafika mochedwa kuposa mmene zinayenera kukhalira, chifukwa palibe anamufunsa za chubu ndipo iye sanaone chifukwa chochitchulira, poti khosi silinkapweteka. Chipsera chotere chimamera mwakachetechete pakati pa masabata angapo ndi miyezi ingapo chubu chitachoka. Kwa inu mayi, ndi chubu cha nthawi yochepa, izi n'zakutali kwambiri. Koma aliyense amene anagonapo pa makina masiku ambiri, akayamba "mphumu" imene sanabadwe nayo, anene za chubucho kwa dokotala asanalandire chopopera.

Amene anachitidwa opaleshoni ya pakhosi penipeni, monga ya chithokomiro, masiku ndawerenga pano asawatsate, chifukwa mpeni umadutsa pafupi ndi mtsempha wa mawu, ndipo kutupa kwa khosi pambuyo pake ndi nkhani ya amene anawachita opaleshoniyo.

Mukadzafunikanso opaleshoni ina m'tsogolo, wogoneka akadzabwera kudzakufunsani mafunso, mudzamuuze kuti ulendo wapita khosi linakuvutani masiku angati. Si kudandaula ayi, kwa ife ndi uthenga wothandiza. Tikhoza kusankha chubu chocheperako, kuyeza kabaluni ndi chipangizo, kugwiritsa laringosikopu ya kamera ngati polowera panali povuta, kapena, opaleshoni ikalola, kuika chipangizo china chofewa chimene chimakhala pamwamba pa kholingo osadutsa pa timinofu ta mawu. Maopaleshoni ambiri a kumunsi kwa mchombo, monga obereketsa, amatheka ndi jakisoni wa pamsana popanda chubu n'komwe. Pa tsiku lokaonetsa mabala, funsaninso ngati pa fayilo yanu panalembedwa kuti chubu chinavuta kulowa. Ngati anayesa kangapo, zimenezo zikufotokoza chifukwa chake khosi lanu likuchedwerako, ndipo ndi chinthu choti muzichinena kwa wogoneka aliyense moyo wanu wonse. Pemphani akulembereni pa khadi.

Pakadali pano chitani chinthu chimodzi chophweka. Madzulo alionse lembani pa kalendala chimene mwatha kumeza tsikulo ndi mmene mawu amvekera, kapena dzijambuleni mawu pafoni mukuwerenga kuyambira 1 mpaka 10. Lamulungu mumvetsere za Lachinayi. Ngati kusiyana kukumveka, pitirizani ndi mchere ndi panado mpaka zithe. Ngati palibe kusiyana, Lolemba m'mawa mutenge foniyo pamodzi ndi pepala lotulukira, mukawamvetsere adokotala.